Mfuti ikungothawira kumwamba, ndalakwitsa pati pa masetingi?

Chikondi wa pa Chitakale: Akuluakulu, ndithandizeni ndisanaiponye mu Likhubula foniyi. Sabata yatha ndinatenga kodi ya sensitiviti ndi ya mabatani ya munthu wina amene amaika mavidiyo a PUBG Mobile, ndinaika zonse mmene ziliri. Kuyambira tsikulo palibe chikuyenda. Ndikafuna kuloza munthu, kamtanda kakumupitirira, ndikabweza kakumupitiriranso mbali inayo. Ndikayamba kuwombera ndi M416 zipolopolo zitatu zoyamba zokha ndi zimene zikumupeza, zinazo zikupita kwa mbalame. China, ndikasewera mphindi 15 gemu imayamba kulemera ngati ndikuyenda m'matope. Foni ndi ya RAM 4GB, sikirini ya mainchesi 6.5.

Yamikani: Zosavuta izo aise. Pita ku `Settings` ya foni, usake `Pointer speed` uyikankhire kumapeto. Kenako ku `Developer options` ukweze `Smallest width` ifike 500. Ine ndinatero pa Free Fire ndipo mitu ndimathyola ngati nanazi.

Tadala: Munthu akuti kamtanda kakupitirira, iwe ukuti awonjezere liwiro? Kkkk Yami

Bambo a Pempho: Ndi netiweki imeneyo ana inu. Kuno ku Nkando madzulo ngakhale uthenga wamawu umazungulira kaye. Sinthani layini basi.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Tiyeni tisathamange. Chikondi, mavuto watchulawa ndi atatu ndipo si a mayi mmodzi. Ndisananene kanthu unditumizire zithunzi zitatu: tsamba la `Graphics`, tsamba la `Sensitivity` lonse mpaka pansi, ndi mmene mabatani akhalira. Undiuzenso ngati umasewera foni ili pa chaja.

Bambo a Pempho, mfundo yanu si yotaya, koma pali njira yosiyanitsira. Likakhala vuto la netiweki, iwe ukatembenuza kamera imatembenuka bwinobwino, koma mdani amaoneka apa kenako wadumphira apo, chitseko chimatseguka mochedwa, nthawi zina umathamanga n'kupezeka wabwezedwa mmbuyo. Ndipo kanambala ka ping'i kali pakona, koonetsa kuchedwa kwa netiweki, kamakhala kakwera mpaka kufiira. Likakhala vuto la foni, dziko lonse limadodoma ukamatembenuka, mitengo ndi nyumba zomwe, ping'i ili bwinobwino. Za Chikondi zoti zimayamba pakatha mphindi 15 zikundinunkhira kutentha.

Bambo a Pempho: Ooh chabwino. Ine magemu anuwa sindiwadziwa, ndimangogula bandulo mwana n'kumaliza.

Chikondi wa pa Chitakale: Ndatumiza achimwene. `Graphics` ili pa `Balanced`, `Frame Rate` ili pa `Ultra`. Chaja eya, nthawi zambiri ndimasewera ili pamoto chifukwa magetsi akabwera ndi nthawi yomweyo yotchaja ndi yosewera. Kava ndi yarabara yokhuthala ija.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Ndaona. Tiyambe ndi mafulemu, sensitiviti uyisiye kaye osaikhudza. Chifukwa chake n'choti sungayeze nsalu ndi tepi imene ikutamuka. Ngati foni ikupereka zithunzi 40 pa sekondi poyamba, kenako 22 ikatentha, chala chako chikuphunzira magemu awiri osiyana pa tsiku limodzi.

Mawu ali pa `Frame Rate` aja ali ndi manambala kuseri kwake. `Low` ndi zithunzi 20 pa sekondi, `Medium` 25, `High` 30, `Ultra` 40, `Extreme` 60. Tsono gawa 1000 ndi nambalayo upeze nthawi imene chithunzi chimodzi chimakhala pa sikirini. Pa 60 ndi mamilisekondi pafupifupi 17, pa 40 ndi 25, pa 30 ndi 33, pa 20 ndi 50. Tanthauzo lake, pa mafulemu 20 chala chako chimakhala chasuntha kale koma diso likuonabe chithunzi chakale, ndiye umapitiriza kukoka poganiza kuti sunafike, chithunzi chatsopano chikamabwera wamudutsa kale munthuyo. Mbali ina ya kupitirira ukunenako ikuchokera pamenepo.

Koma choipa kwambiri si kuchepa kwa mafulemu, ndi kusinthasintha. Chala chimazolowera 30 wokhazikika. Chimene sichizolowera ndi 40 amene amagwa nthawi ya nkhondo yeniyeni, pamene pali utsi, magalimoto ndi anthu ambiri malo amodzi ngati ku Pochinki, katauni ka mu gemumo.

Chita izi. `Graphics` ika pa `Smooth`. `Frame Rate` uyisiye pa `Ultra` kaye tione ngati foni ikwanitse katundu atapepuka. `Shadows` ndi `Anti-aliasing` ngati zikuoneka pa foni yako uzimitse. Vula kava, chotsa pa chaja, zimitsa `Battery Saver`, tsitsa kuwala kufika chapakati. Usewere gemu ziwiri zathunthu motsatizana, ubwere utiuze ngati kulemera kuja kwabweranso ndi pa mphindi zingati.

Yamikani: `Smooth` imanyansa achimwene, udzu umaoneka ngati wojambula mwana wa sitandade 2

Tadala: Ukufuna kuwina kapena ukufuna kukaona malo? Zokongola kakwere phiri, lili pompano

Mphatso Luchenza: Ine funso langa ndi la `Battery Saver`. Ndimayatsa dala kuti batire ikhalitse magetsi akazima. Ikuononga chiyani?

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Imasunga batire pochepetsa mphamvu ya injini ya foni, ndipo pa mafoni ambiri imatsitsanso liwiro la sikirini. Ndiye uli ngati wakabaza amene akukwera chitunda atagwira mabuleki. Ukafuna kusunga batire, bwino utsitse wekha `Frame Rate` pa `High`, udziwe kuti uli pa 30 wosasintha.

Za chaja zili pawiri. Kutchaja kumatenthetsa batire, gemu ikutenthetsa purosesa, kava yarabara yatsekera zonsezo mkati. Foni ikafika kutentha kwina imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, si kuti yaonongeka ayi. Chachiwiri, machaja ena otchipa amapereka magetsi osayera, ndipo sikirini imayamba kumva zala zimene kulibe kapena kudumphadumpha. Pa benchi panga pamabwera anthu akuti tachi yafa, ndikangozula chaja chawo n'kuika changa foni ili bwinobwino.

Chikondi wa pa Chitakale: Ndabwera. Gemu yoyamba inayenda bwino mpaka kumapeto, ndinadabwa. Yachiwiri chapakati inayambanso kugwiragwira pang'ono, kumbuyo kwa foni pafupi ndi kamera kunatentha ndithu. Koma si ngati kale.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Ndiye yakuuza yokha malire ake. Uno ndi Okutobala, masana ano foni imeneyo siisunga 40 kwa ola. Tsitsa pa `High`. Ikadzabwera chiperoni mu Juni udzayesenso `Ultra`, mwina idzapirira. Koma usamasinthe tsiku ndi tsiku, sankha imodzi ukhale nayo nyengo yonse.

Yamikani: Apa ndiye sindikuvomereza. Foni yanga sikirini ndi ya 90Hz, ndinayatsa `Show refresh rate` ndipo pakona pamalemba 90 ndikamasewera. Ndiye mwana wa anthu mukumutsitsira pa 30 bwanji pamene anzake tili pa 90?

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Nambala imeneyo ndi ya sikirini, si ya gemu. Ikukuuza kuti galasi likudzijambula ka 90 pa sekondi. Ngati gemu ikupanga zithunzi 30 zokha, sikirini ikungobwereza chithunzi chimodzi katatu. Tsegula `Graphics` mu gemu yako utiuze chapamwamba chimene ikukulola kusankha.

Yamikani: Pa PUBG imathera pa `Ultra`

Tadala: Ndiye uli pa 40 bambo wa 90

Mphatso Luchenza: Nanga timapulogalamu tija totsegula `Extreme` pa foni iliyonse?

Tadala: Usayerekeze. Timasintha mafayilo a gemu ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa. Komanso foni imene ikulephera kusunga 40 ukaikakamiza 60 ingosanduka mbaula.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Tipite ku mabatani. Chikondi, chithunzi chako ndachiyang'ana bwino. Umasewera ndi zala zingati?

Chikondi wa pa Chitakale: Ziwiri, zazikuluzi

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Mwini wake wa kodiyo amasewera ndi zinayi. Taona batani lowombera lili pamwamba kumanzere, la sikopu lili pamwamba kumanja, lodumpha ndi logwada ali cha komweko. Malo amenewo ndi a zala zamkombaphala. Iwe ukunyamula chala chachikulu kuchoka pansi kukafika kumwamba, ndipo nthawi imene chili paulendo palibe akuyendetsa munthu wako. Wavala nsapato za eni.

Tadala: Apa ndilowepo chifukwa ndinadutsamo. Vuto la zala ziwiri ndi loti chala chachikulu chakumanja chili ndi ntchito zinayi: kuloza, kuwombera, kutsegula sikopu, kugwada. Sichingachite ziwiri nthawi imodzi. Sindikuti udumphire pa zinayi, manja ako asokonezeka n'kusiya gemu. Onjezera chimodzi chokha, chamkombaphala chakumanzere, ntchito yake ikhale imodzi: kuwombera.

Pita ku `Controls`, `Customize`. Usafufute zimene zilipo, tenga `Layout` ina yopanda ntchito. Usanasunthe kanthu gwira foni mmene umagwirira, utseke maso, ugwetse chala chamkombaphala chakumanzere pamene chikugwera chokha osachikoka. Pamenepo ndi pamene paikidwe batani lowombera, osati pamene anaika munthu wa pa vidiyo. Likulitse ndithu kuti ngakhale uli ndi mantha usaliphonye, kumwamba kumanzereko kulibe chimene lingatchinge. La sikopu ndi logwada abwere pansi kumanja, pamzere umene chala chachikulu chimajambula ukachipeta ngati chikwakwa. Koma pakati pa mbali yakumanja usiyepo bwalo lopanda batani lililonse, lalikulu ngati bokosi la machesi kapena kuposa. Ndi munda wa chala cholozera. Ambiri amadzaza mabatani pamenepo kenako n'kumadabwa kuti munthu wawo akudumpha pamene amafuna kutembenuka.

Osaika batani kumphepete kwenikweni. Pulotekita zambiri zimayamba kumatuka mmphepete, komanso ngati foni yako imabwerera mmbuyo pokhwekhwereza chala kuchokera kumphepete, tsiku lina udzatuluka mu gemu uli pakati pa nkhondo.

Mphatso Luchenza: Achemwali, ine ndinayesa zala zitatu ndinazisiya. Ndikangoika chachitatu foni imajambula sikirinishoti, kapena imangouma kwa kanthawi. Ndinaganiza kuti tachi yanga imangomva zala ziwiri.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Ayi, ndi setingi ya foni imeneyo. Mafoni ambiri ali ndi njira yojambula sikirini potsetsereka ndi zala zitatu. Lemba mawu oti `screenshot` posakira mu `Settings`, uzimitse ya zala zitatuyo. Imasokoneza ngakhale pamene sinajambule, chifukwa foni imayamba yadikira kuti ione ngati ukufuna chithunzi.

Ukafuna kudziwa zoona za tachi yako, pali choyezera chaulere mu foni momwemo. Ku `About phone` dinda `Build number` kasanu n'kawiri, `Developer options` itseguka. Mmenemo yatsa `Pointer location`. Pamwamba pa sikirini pabwera kamzere ka manambala, koyambirira kuli `P:` amene amawerenga zala zimene foni ikumva. Ika zala zinayi uone ngati afike 4. Kenako jambula mizere pang'onopang'ono kuchoka kona kufika kona. Mzere ukamaduka malo amodzimodzi nthawi zonse, pamenepo pali vuto, mwina mphepo pansi pa pulotekita, mwina tachi yeniyeniyo. Ukamaliza uzimitse, usasewere ili yoyaka.

Chikondi wa pa Chitakale: Ndayesa. Zala zinayi ikumva. Koma mzere ukuduka pansi kumanja, pomwe pali kamng'alu ka pulotekita. Ndipo ndi pomwe chala changa chimathera ndikamakokera mfuti pansi!

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Matula pulotekitayo uyesenso. Mzere ukalumikizana, gula ina yopyapyala. Ukadukabe, ndi tachi, ndiye usunthire bwalo lolozera chakumwamba pang'ono kuthawa malowo mpaka udzapeze ndalama.

Chikondi wa pa Chitakale: Ndamatula, mzere walumikizana. Eish, miyezi yonseyi

Bambo a Pempho: A Mavuto, poti mwatchula za tachi. Foni ya mayi a kunyumba ukadinda nambala 5 imalemba 8. Ndi sensitiviti imeneyinso?

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Imeneyo ndi nkhani ina madala, mubwere nayo tsiku la msika ndidzaione.

Yamikani: Nanga `Pointer speed` yanga ija mwangoidumpha

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Sindinaiwale. Imeneyo ndi ya mausi, ukalumikiza mausi ku foni ndiye kamuvi kamathamanga kapena kuchedwa. Chala cha pa galasi sichikhudzidwa. Pa mafoni ena pali ina yolembedwa `Touch sensitivity` pansi pa `Display`, imeneyo ndi yeniyeni koma ntchito yake ndi yothandiza foni kumva chala kudzera mu pulotekita yokhuthala. Siwonjezera liwiro lotembenukira.

`Smallest width` ndiye imasinthadi kanthu, imachepetsa zilembo ndi zizindikiro za foni yonse. Anyamata a Free Fire amalumbira kuti imawathandiza kukoka batani, ine pa PUBG sindinamvepo kusiyana. Chimene ndaonapo ndi maso ndi foni zobwera pa benchi munthu ataika nambala yaikulu mopenga, sikirini osagwirikanso. Ngati ukuyesa, lemba kaye papepala nambala imene inalipo.

Yamikani: Pa Free Fire imagwira, ndikubweretserani foni muyese nokha

Tadala: Bweretsa, koma tidzasintha nambala iwe osaona, kenako utiuze ili pa chiyani

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Tsopano sensitiviti. Chikondi, yang'ana chithunzi chako chachiwiri. Pa `Camera`, `3rd Person No Scope` ili 190%, `Red Dot` ili 85%. Pa `ADS`, `Red Dot` ili 30%. Pa `Gyroscope`, jairo ija yolozera popendeketsa foni, zambiri zili 300%. Kodi iweyo umapendeketsa foni poloza?

Chikondi wa pa Chitakale: Ayi, ndinazimitsa kalekale, imandizunguza mutu

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Basi nkhani yonse ili pamenepo. Mwini kodiyo amatsitsa mfuti popendeketsa foni, chala chake sichigwira ntchito imeneyo, ndiye `ADS` yake atha kuisiya pansi osamva kanthu. Iwe watenga `ADS` ya munthu wa jairo koma ukukoka ndi chala.

Magawo awiriwa anthu amawasokoneza. `Camera` imalamulira pamene ukuyang'ana kapena kuloza usanawombere. `ADS` imalamulira kuyambira pamene wadinda batani lowombera, ndiye ndi imene imakuthandiza kukokera mfuti pansi ikamakwera. Kwa iwe `Camera` yakwera kwambiri, n'chifukwa ukupitirira munthu. `ADS` yatsika kwambiri, n'chifukwa ukukoka mpaka galasi kutha mfuti ikukwerabe. Matenda awiri otsutsana, ndiye ukanatsitsa zonse kapena kukweza zonse limodzi likanakula.

Lowa mu `Training Grounds`. Yamba ndi `3rd Person No Scope` ya `Camera`. Ika chala pakati pa sikirini, ukoke kamodzi mwachizolowezi mpaka kumphepete kwa kumanja. Munthu wako atembenuke kuyang'ana kumene kunali msana wake, theka la bwalo. Akazungulira kupitirira, tsitsa ndi 10. Akalephera kufika, kweza ndi 10. Bwereza mpaka zigwirizane.

Chikondi wa pa Chitakale: Pa 190 amatsala pang'ono kuzungulira bwalo lonse kkkk. Ndatsika mpaka 120, pamenepo akuima bwino.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Lemba 120 papepala. Tsopano `Red Dot` ya `Camera`. Tsegula sikopu, sankha zidole ziwiri zotalikirana pang'ono, uzichotsa kadontho pa china kupita pa chinzake, osawombera. Kakhumi. Werenga kangati wapitirira ndi kangati waperewera. Kupitirira kukachuluka tsitsa ndi 5.

Ukamaliza ndiye `ADS`. Tenga M416 yokhala ndi zida zomwe umakonda kuikapo mu gemu, usasinthe pakati pa mayeso. Ima malo amodzi moyang'ana khoma, uthire magazini yonse ya zipolopolo 30 uku ukukokera pansi, kenako pita ukaone mabowo. Akakwera ngati makwerero ndipo chala chako chinafika pansi pa galasi magazini isanathe, kweza `ADS`. Akatsikira pansi pa pomwe unayambira, kapena akupita mmwamba ndi pansi ngati mano a sowo, yakwera kwambiri. Magazini atatu pa nambala iliyonse usanaweruze, imodzi ikhoza kukunamiza.

Chikondi wa pa Chitakale: `Camera` ya `Red Dot` yakhazikika pa 55. `ADS` ndinayamba 30, makwerero enieni. 40 chimodzimodzi koma afupika. Pa 50 mabowo ayamba kusonkhana, chala chikuthera chapansi koma osafika kumapeto. Pa 60 mfuti ikugwera pansi ndikangokoka pang'ono. Ndaika 55. Koma mabowo akumwazikabe kumanzere ndi kumanja.

Tadala: Za mmbalizo si za sensitiviti kwenikweni, mfuti imagwedezeka yokha mmbali ndipo sizibwera mofanana nthawi zonse. Gwada powombera, ika kompenseta, kachida ka kukamwa kwa mfuti kochepetsa kukankha, ndipo munthu akakhala patali usathire magazini yonse, dula pa zipolopolo zisanu kapena zisanu n'chimodzi. Usakayese nambala yomweyo ndi AKM n'kubwera kudzalira kuno, imakankha kwambiri kuposa M416, pamenepo ndi chala chizolowere.

Mphatso Luchenza: Ndiye nane ndiike 120, 55, 55?

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Wangobwereza zomwe zinamugwetsa mnzako. Sikirini yako ndi yaikulu mosiyana, chala chako ndi chotalika mosiyana, mtunda umene umakoka si umodzi. Tenga njirayo, manambala upeze ako.

Tadala: Koma ine ndinenebe, achimwene Mavuto mundikhululukire. Chikondi, jairo usaitaye. Chala chili ndi malire, galasi limatha, pamene dzanja lopendeketsa foni silitha msanga. Ika pa `Scope On` kuti izigwira pokhapokha watsegula sikopu, chizungulire chija chimachepa. Milungu iwiri yoyamba udzaluza kwambiri, kenako sudzabwerera.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Sindikukana kuti jairo ndi yabwino pa foni ngati yanu achemwali. Koma mafoni ambiri otsika mtengo alibe kachipangizo kenikeni ka jairo, ena amangoyerekezera ndi masensa ena, ndipo imachedwa kapena kuyenda yokha foni ili phee. Kuphatikiza mafulemu 30, ine sindingamulimbikitse. Komanso wasintha kale zinthu zitatu lero, manja ake apume.

Tadala: Ayese kaye aone. Aike foni patebulo sikopu ili yotsegula, kadontho kakamayenda kokha ndigonja.

Chikondi wa pa Chitakale: Sikakuyenda, koma ndikapendeketsa kakubwera mochedwa pang'ono

Tadala: Kuchedwa pang'ono munthu amazolowera

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Amazolowera kuluza

Yamikani: Inu mukulimbana ndi manambala koma mdani wamkulu mwezi uno ndi thukuta. Chala chimakakamira pagalasi kenako n'kuterereka kamodzi. Ine ndimathira paudala wa ana.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Apa Yami wanena zoona, thukuta limasintha sensitiviti kuposa 5% iliyonse tikukanganayi. Chikondi, ngati unayeza manja ali ouma, dziwa kuti madzulo ukatuluka thukuta zidzamveka zina, usathamangire kusintha manambala. Koma paudalayo ayi. Ndimamupeza ataundana mu timabowo ta sipika ndi potchajira. Samba m'manja ndi sopo, pukuta galasi ndi kansalu kouma, makamaka ngati wangodya chipisi cha pa chiwaya. Timasokosi ta zala tija timathandiza ngati watipeza.

Yamikani: Paudala ndi wa mwana wa alongo anga, waulere. Timasokosi ndi ndalama

Chikondi wa pa Chitakale: Ndabweranso patatha masiku anayi. `Smooth` ndi `High`, kava ndimavula, chaja ndimazula. Kulemera kuja sikunabwerenso ngakhale gemu zitatu motsatizana. Zala zitatu tsiku loyamba zinali zamanyazi, chamkombaphala chimangowombera chokha ndikadzidzimuka, ndinaulula malo athu kawiri anzanga mpaka kunditukwana. Ndinasunthira batani mmwamba pang'ono kuti chala chizipumira pa felemu ya foni osati pagalasi, zasiya. Pafupi ndi `Red Dot` ndikugwetsa anthu tsopano. Chatsala ndi `4x`, ikunjenjemera moti sindingaloze munthu woima.

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Sikopu iliyonse ili ndi mzere wake pa `Camera` ndi pa `ADS`, ndipo ya `4x` ikadali ya mwini kodi uja. Sikopu ikamakula nambala izitsika, chifukwa kusuntha kochepa kwa chala kumaoneka kwakukulu chithunzi chikakokedwa pafupi. Ili pa chiyani pano?

Chikondi wa pa Chitakale: `Camera` 48, `ADS` 14

Mavuto wa mafoni ku Limbuli: Matenda omwe aja. `Camera` yambira pa 20 uyeze ndi zidole zakutali, uzisuntha ndi 2 osati 5, pa masikopu akuluakulu 5 ndi phazi lalikulu. `ADS` ukweze pang'onopang'ono pa khoma ngati muja. Ndipo `3x` uyichitenso payokha.

Tadala: Kapena angosiya kuthira ndi `4x`. Ine ndikapeza `6x` ndimaitsitsa kufika pa 3 n'kuika pa M416, `4x` ndimasiyira mfuti zowombera chimodzichimodzi.

Mphatso Luchenza: Ndazimitsa ya zala zitatu ija, sikirinishoti zasiya. Mu galare ndapezamo zithunzi zodzaza za ine ndikufa. Loweruka magetsi akakhalapo tipange rumu, Mulanje ndi Thyolo, tione ngati 55 wa Chikondi ali ndi mano.

Yamikani: Ndibwera ndi paudala wanga